Matabwa Atapita ku Bolero

Musandiuze kuti pepala ndi pepala chabe. Ine Emelda ndinaliona pepala likumugwetsa mwamuna wanga kachiwiri, munthu atayamba kale kudzuka pa matenda.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Rumphi kuno ndinabwera ndi bambo anga omwe anali mesenjala pa Boma, ndipo iwo atabwerera kumudzi ine ndinatsala chifukwa cha kalipentala wina wosayankhulayankhula, Amock Harawa. Zaka khumi ndi chimodzi Amock anapala matabwa mu shopu ya akulu ake a Hezron ku Bolero. Mpando apange iye, dzina likhale la a Hezron. Chitseko apange iye, kuthokoza kupite kwa a Hezron. Malipiro ake anali sopo ndi mawu a Chitumbuka akuti "yewo chomene, mnung'una," kutanthauza zikomo kwambiri, mng'ono wanga. Tsiku limene anachokako anangonyamula sowo ndi hamala, n'kudzamanga kashedi ka malata kuseri kwa msika pa Boma. Zinamutengera zaka zisanu ndi zitatu kuti agule makina opalira matabwa ndi kulembetsa bizinesi m'dzina lake. Munthu uja sankafuna kulemera ayi. Ankangofuna kuti ntchito ya manja ake izidziwika kuti ndi yake.

Ndiye kunabwera bungwe lina lothandiza masukulu, likufuna madesiki 150. Anthu a bungwelo anayendera makalipentala angapo, anafika pa shedi yathu, anakhala pa desiki ya Amock, anaigwedeza, anaitembenuza, kenako anasankha iye. Anasaina mgwirizano wa masamba asanu ndi atatu. Anamupatsiratu gawo la ndalama kuti agule matabwa ouma a paini, iye n'kuika makina aja ngati chikole. Pa masamba onsewo Amock anawerenga zinthu zitatu: chiwerengero cha madesiki, tsiku lomaliza ndi mtengo. Ine ndinawerenga chimodzi, dzina lake lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba. Tinaika mapepalawo mu jumbo, jumboyo mu sutikesi, basi.

Atapanga madesiki makumi anayi, m'mawa wina ali mu shedi anangoti khwi! pansi. Sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, pakamwa panapindika. Mawu ankatuluka limodzi limodzi, mochita kukoka. Pa tsiku lachinayi m'chipatala anandigwira chitenje ndi dzanja lamanzere.

"Ntchito," anatero. Anapuma, malovu akutsika. "Osa... pereka."

"Sindipereka kwa munthu, bambo a Luntha," ndinatero. "Mudzaipeza ntchito yanu."

Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Kulonjeza n'kosavuta munthu ukakhala kuti sunakumane ndi achibale.

Lamlungu lotsatira, Amock akadali m'chipatala, abale anasonkhana pakhonde pathu. Amuna pamipando, imene anapanga Amock yemweyo, ine pamphasa kumapeto, monga ayenera kukhalira mkazi amene anamuperekera ng'ombe. A Hezron anayankhula Chitumbuka chawo chozama, koma ndinamva zonse, zaka zonsezi sindinangodya nyemba za kuno. Anati mng'ono akagwa m'munda, khasu amatola ndi mkulu wake. Anati banja la Harawa silingachite manyazi madesiki a ana a sukulu osatha. Anati matabwa apite ku Bolero, ndipo amisiri awiri amene Amock ankagwira nawo ntchito apite nawo komweko.

Ndinatsokomola. "Alamu, bwanji mukadabwera kudzagwirira mu shedi mwake momwemu? Makina ali muno."

Onse anatembenuka ngati kwayankhula mbuzi.

"Mlamu," a Hezron anatero m'Chichewa, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani, "kwanu ku Ntcheu amuna amatsata akazi, n'chifukwa chake mumayankhula pa bwalo. Kuno ayi. Inu samalani wodwala."

Chilungamo chake, mkati mwanga munali kampumulo. Ndinali ndi mwamuna wofunika kumutembenuza, kumusambitsa, kumudyetsa phala ndi sipuni, ndi mwana wathu Luntha wolemba mayeso a fomu folo. Madesiki 110 ndikanawapala ndi mano? Lachiwiri lole inabwera, matabwa onse anakwera. Ndinaima n'kumaonerera fumbi.

Koma sindinali chitsiru chenicheni, ndinafunsako. Bungwelo linali ndi bambo wina dzina lake Harold, woyendera masukulu pa njinga yamoto. Ndinamuimitsa pamsewu pafupi ndi msika n'kumufotokozera zonse. Sanazimitse n'komwe injini.

"Aa, pepani kwambiri mayi. Koma palibe vuto, si pachibale pomwe? Bola madesiki afike."

Anawonjezera moto, n'kupita. Mawu amenewo ndinawasunga ngati chiphaso.

Amock atatuluka m'chipatala, adokotala anati asamamve zinthu zomukweza magazi. Ndiye ndinamugoneka kuchipinda, n'kumamunamiza. Akafunsa kuti "Shedi?" ndinkati anyamata akupala, zonse zili bwino. Akafunsa chifukwa chake sakubwera kudzamuona, ndinkati ntchito yawachulukira. Nyumba yathu ili kutali ndi msika, sakanamva kuti makina ali zii. Mabodza anga anali osalala kuposa matabwa ake.

A Hezron ndimadana nawo, koma sindiwanamizira: ndi mmisiri. M'masabata asanu anapanga madesiki makumi asanu abwinobwino, n'kukatula kusukulu. Zikanathera pomwepo mwina bwenzi lero ndikukamba nkhani ina. Koma akuluwo analemba kalata ku bungwe, pa pepala lokhala ndi chidindo cha shopu yawo, yonena kuti ntchito ya madesiki tsopano ili m'manja mwawo, choncho malipiro otsala azipita kwa iwo. Ine osandiuza.

Yankho silinapite ku Bolero. Linabwera kwathu, mu envulopu ya khaki, kwa Amock Harawa. Ndinaitsegulira kuseri kwa khitchini. Inati waphwanya ndime 14 ya mgwirizano. Inati ali ndi masiku khumi ndi anayi kuti akonze zinthu, apo ayi mgwirizano utha, ndalama zimene anapatsiratu zibwezedwe, chikole chitengedwe, ndipo dzina lake lichotsedwe pa mndandanda wa amisiri a bungwelo. Mayo ine! Ndinathamangira ku sutikesi, ndinatulutsa jumbo ija, ndinafufuza ndime 14. Inalipo, pa tsamba lachisanu, mizere inayi yokha.

M'mawa mwake ndinali pa ofesi ya bungwelo asanatsegule. Woyang'anira mapangano anali Mayi Cathy Matewere, wa ku Zomba, wamandala, wosasekaseka. Nditamva Chichewa chawo chakumwera ndinati ndapeza mbale wanga.

"Achemwali, ndithandizeni. Madesiki afika, ana akukhalira. Tsono talakwa chiyani?"

"Khalani pansi, Mayi Harawa." Anatsegula fayilo, n'kuloza ndi cholembera. "Ndime iyi ikunena zinthu ziwiri. Choyamba, amuna anu sangapereke ntchitoyi, yonse kapena gawo lake, kwa mmisiri wina popanda chilolezo chathu cholembedwa, ndipo chilolezocho chiyambe chabwera ntchito isanapite. Chachiwiri, ngakhale ufulu wawo wolandira malipiro sangausamutsire kwa munthu wina popanda chilolezo chomwecho."

"Koma si munthu wina! Ndi akulu awo, bere limodzi."

"Kwa inu ndi akulu awo. Kwa ife ndi shopu ina, ya mwini wake wina, ku dera lina. Ife tinasankha Amock Harawa titaona manja ake. A Hezron sitinawaonepo, sitinapangane nawo kanthu, ndipo sitingawalipire. Malipirowo ndi a amuna anu. Munthu sangadzilembere yekha kalata yolanda ufulu wa mnzake."

"A Harold anandiuza kuti palibe vuto."

Anavula mandala n'kutikita maso. "A Harold ntchito yawo ndi kuyendera masukulu. Alibe mphamvu yosintha mgwirizano, ndipo ngakhale akanakhala nayo, apa palembedwa kuti cholembedwa. Muli ndi kalata yawo?"

Kalata yanji? Ndinali ndi utsi wa njinga basi. Titamuitana Harold uja, anaima pakhomo n'kunena kuti iye ankaganiza kuti mkuluyo akungothandizira mu shedi momwemo. Ndinafuna kumulavulira.

"N'zimene zikanakhala bwino," Mayi Matewere anatero Harold atachoka. "Mmisiri ali ndi ufulu wolemba antchito mu shopu mwake. A Hezron akanabwera kudzagwira mu shedi mwa amuna anu ngati wantchito wawo, ndime imeneyi sikanakhudzidwa n'komwe. Ndipo mayi, mukanangotilembera mizere iwiri amuna anu atangogwa, tikanakhala pansi, mwina tikanawonjezera masiku. Matenda si mlandu."

Mizere iwiri! Ine wa fomu thuu, wolemba makalata a Umanyano, gulu la amayi ku tchalitchi, ndinalephera mizere iwiri. Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni kotulutsa mamina, osasamala kuti ndili mu ofesi.

Anandisiya ndilire, kenako anati kalata ya a Hezron yafika kale ku likulu ku Lilongwe, sangaibise. Koma poti madesiki makumi asanu aja awayendera ndipo ndi abwino, angathe kundimenyera nkhondo kuti zapitazo azikhululukire, ngati makumi asanu ndi limodzi otsalawo ayenda m'njira yoyenera. Njira zake anati zilipo zitatu. Matabwa abwerere ku shedi, ntchito ithe m'manja mwa antchito a Amock. Kapena Amock asaine kalata yopempha kuti a Hezron akhale mmisiri wogwira pansi pake, ndipo bungwe likawayendera n'kuvomera, ntchito ipitirire ku Bolero, koma mgwirizano ukhalabe wa Amock, malipiro adzera kwa Amock, ndipo desiki ikathyoka wofunsidwa ndi Amock.

"Yachitatu?" ndinafunsa.

"Yachitatu ndi yoti mbali zonse zitatu zisaine pepala latsopano. Amuna anu atuluke mu mgwirizano, a Hezron alowe m'malo mwawo, asenze zonse, ntchito, matabwa, udindo wa ndalama zopatsiratu zija, ndi malipiro omwe. Amuna anu sitidzawafunsanso kanthu, makina awo amasuka. Koma ntchitoyo sikhalanso yawo."

"Imeneyo ayi," ndinatero. "Imeneyo ingamuphe. Nanga sindingasaine ine m'malo mwake?"

"Dzina lanu mulibe mu mgwirizanowu, ndipo sanakupatseni mphamvu yolembedwa yowasainira. Kodi iwo akudziwa zimene zikuchitika?"

Ndinayamba kupinda mapepala anga kubwezera mu jumbo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutseka fayilo.

Tsiku lomwelo ndinakwera matola a ku Bolero. Ndinawapeza a Hezron pansi pa mtengo kutsogolo kwa shopu yawo, pensulo kukhutu, matabwa athu atasanjidwa bwinobwino m'kati. Ndinagwada pa utuchi.

"Alamu, kalata yanu yatiika m'madzi. Chonde, tibweze matabwa ku Boma, mudzamalizire mu shedi mwa mng'ono wanu. Masabata atatu okha. Ndizikuphikirani, ndizikuchapirani."

"Ndidzagwire ngati ndani?"

Ndinazengereza. "Akuti... ngati wantchito. Pa pepala pokha, alamu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine? Ganyu kwa Amock? Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira sowo? Mlamu, kodi mwamwa?"

"Ndiye gwirirani konkuno. Angolemba kalata yopempha kuti bungwe likuloleni. Mgwirizano ukhale wake, inu muzipanga."

"Kalatayo inena kuti ine ndine ndani?"

"Mmisiri wogwira pansi pake."

"Pansi pake." Anawabwereza mawuwo ngati akulavula mchenga. "Ndipo malipiro ndizikatambasula manja kwa iye, kapena kwa inu. Mvetserani. Chiyambire makolo athu, mkulu sakhala pansi pa mng'ono. Ndinatola khasu monga mwa mwambo, pamaso pa banja. Ngati a bungwewo akufuna pepala, alembe zoona, kuti ntchito ili kwa Hezron."

"Ndiye tipatseni matabwa athu, ndipeza amisiri ena."

"Matabwa a mng'ono wanga ndipereke kwa mkazi kuti akawapatse anthu a mumsewu? Banja linagamula. Kaitaneni banja lisinthe."

Ndinadzuka, mawondo ali utuchi wokhawokha, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. "Zaka khumi ndi chimodzi munamudyera thukuta, lero wagwa mwabweranso ndi mbale! Khasu lanji limene mwatola? Mwatola munda!"

"Mwatukwana," anatero, osakweza mawu. "Pitani bwino."

Masiku otsatirawo ndinazungulira ngati nkhuku yodula mutu. Ndinapita kwa atsibweni awo, anati nkhani ya abale ifunika kudikira wodwala achire. Ndinapita kwa abusa, anapemphera nane, n'kulonjeza kuti akumana ndi a Hezron akabwerako ku msonkhano ku Khondowe. Ku polisi anandifunsa ngati matabwa anabedwa, ndipo nditati ndinaima pomwepo akukwezedwa, wapolisi anangotambasula manja. Ndinapita ku Mzuzu kukafunsa matabwa ouma apangongole, anandiseka. Opezeka anali aawisi, oti desiki ingapindike mwezi usanathe, ndipo ikapindika wofunsidwa ndi Amock yemweyo. Ndinagulitsa makina anga osokera, ndalama zake sizinakwane n'theka lomwe. Madzulo aliwonse ndinkabwera kunyumba, kusamba m'maso, kumwetulira, n'kumuuza mwamuna wanga kuti anyamata akupala.

Pa tsiku lakhumi ndi chimodzi ndinabwerera kwa Mayi Matewere. Madzi anali atafika m'khosi.

"Konzani yachitatu ija," ndinatero.

Anati ayambe akaona shopu ya a Hezron ndi mapepala awo a bizinesi ndi a msonkho, chifukwa bungwe silingalandire munthu m'chimbulimbuli. Anapita tsiku lomwelo, likulu linavomera pa foni ndi pa kalata, ndipo a Hezron anavomera kusenza zonse mosavuta, nanga si n'zimene ankafuna. Kenako mayiwo anandiuza chimene ndinkaopa.

"Ndibwera kwanu Lachisanu ndi mboni. Pepalalo ndidzaliwerenga mokweza pamaso pa amuna anu, ndipo ndikaona kuti sakumva kapena sakufuna, sindilola kuti asaine. Auzeni nokha ndisanafike. Musandisiyire ine ntchito imeneyo."

Ndinamuuza Lachinayi masana. Ndinamukhazika pampando pakhonde, ndinamupukuta kukamwa, ndinakhala pansi pafupi ndi mwendo wake wakufa uja, n'kuyamba kuyambira pa lole. Sindinasiye kanthu. Anamvetsera osaphethira. Nditafika pa kugwada kwanga ku Bolero, dzanja lake lamanzere linafinya mkono wa mpando.

"Liti?" anafunsa.

"Matabwa? Muli m'chipatala. Sabata yoyamba."

Anawerenga m'mutu. Ndinamuona akuwerenga miyezi iwiri ya "anyamata akupala," tsiku ndi tsiku.

"Iwe," anatero. "Unati."

"Ndinati, inde. Ndinalephera, bambo a Luntha. Ndinaopa abale anu, ndinaopa magazi anu, ndinaopa zonse. Koma tamverani, mukasaina makina atsala. Shedi itsala. Mukachira mudzayambiranso, dzanja likubwerera, dzulo munagwedeza chala. Mukakana atenga zonse."

Chakudya chamadzulo anakana.

Lachisanu anafika cha m'ma teni, Mayi Matewere ndi mkulu wina wa mpingo ngati mboni. A Hezron anabwera atavala jekete. Amock anakana kukhala pakhonde. Analoza njira ya kumsika ndi chibwano, mpaka tinamvetsa kuti akufuna ku shedi. Tinachita hayala galimoto, tinamunyamula, tinamukhazika pa benchi yake yopalira. Mkati munali fumbi ndi akangaude. Anayang'ana pamene pankakhala matabwa, anayang'ana makina, ine sanandiyang'ane.

Mayi Matewere anawerenga pepala lonse, Chingerezi kenako Chichewa. Kuti kuyambira lero Amock Harawa watuluka mu mgwirizano ndipo bungwe silidzamufunsanso kanthu. Kuti Hezron Harawa walowa m'malo mwake ndipo ayankha pa madesiki onse, opangidwa kale ndi otsala. Kuti chikole cha makina chamasulidwa.

"Bambo Harawa, mwamva zimene ndawerengazi?"

"Nda... mva."

"Mukasaina, ntchitoyi ikhala ya ndani?"

Anakoka mpweya. "Ya... akulu."

"Mukuvomera mwa kufuna kwanu? Palibe wakukakamizani? Mukhoza kukana."

Ndinkapemphera kuti avomere, ine yemwe ndinalumbira kuti sindipereka. Anagwedeza mutu, kenako anati, "Eya."

Mayiwo anatulutsa kabokosi ka inki kuti adinde chala. Amock anakakankha. Anatambasula dzanja lamanzere kufuna cholembera. Ee, ndinaona zowawa m'moyo, koma zija! Cholembera chinkaterereka, pepala linkathawa, ine n'kuligwira pakona. Chilembo chilichonse ankachikoka ngati akukweza thumba la simenti pa phiri, thukuta likugwera pa benchi. Anamaliza dzina lonse, lokhotakhota ngati la mwana, koma lonse. A Hezron anasaina kamodzi n'kamodzi, mayiwo anasaina, mboni inasaina.

"Mwamasuka, Bambo Harawa," Mayi Matewere anatero motsitsa mawu. "Makina ndi anu."

Ndinapuma koyamba m'masabata awiri. Ndinati m'mtima, ndapulumutsako kanthu, sindinataye zonse. A Hezron anayamba kakulankhula kawo, kuti chibale ndi fupa sichiola, kuti mnung'una asadandaule, akachira malo alipo ku Bolero monga kale.

Amock anawadula ndi dzanja. Anatembenukira kwa ine, koyamba tsiku limenelo.

"Kiyi."

Ndinamasula kiyi wa shedi pa mfundo ya chitenje n'kumupatsa, ndikuganiza kuti akufuna kutseka yekha pochoka. Anamugwira kanthawi. Kenako anamutambasulira kwa akulu ake.

"Tolani," anatero. Analoza makina, analoza benchi, analoza masowo pakhoma. "Vyose." Zonse.

"Ayi!" ndinakuwa. "Bambo a Luntha, ayi! Pepala silikunena zimenezo! Mayi, auzeni, makina ndi ake! Ndinagwada chifukwa cha makina amenewa, ndinagulitsa makina anga osokera!"

Mayi Matewere anayang'ana pansi. "Ndi ake, mayi. N'chifukwa chake angathe kupereka. Pamenepa palibe ndime yowaletsa."

Ngakhale a Hezron anachita manyazi, manja anawabisa kumbuyo. Koma Amock sanatsitse dzanja. Linakhala chitambasulire, kiyi akulendewera, mpaka a Hezron analandira.

Ndinagwa pa maondo patsogolo pake, ndikumugwira miyendo, ndikumuuza kuti achira, kuti tidzayambiranso, kuti andikhululukire. Anandiyang'ana ndi nkhope yake yopindikayo. Sanali wokwiya, ndipo n'zimene zinandipweteka koposa. Anasonkhanitsa mawu, limodzi limodzi, ndipo anatuluka omveka bwino kuposa onse amene ananena chigwereni.

"Emelda. Tiye kunyumba. Kuno n'kwa eni."